Fitinesi ya thanzi ndi fitinesi ya luso: zikusiyana pati, nanga muyankha bwanji pa mayeso?

"Moni aphunzitsi. Ndimakhala ku Rosettenville, masana ndimagwira ntchito, usiku ndikuphunzira zauphunzitsi. Mayeso ayandikira ndiye pali mutu wina wa maphunziro olimbitsa thupi ukundizunguza, wa fitinesi ya thanzi ndi fitinesi ya luso. Ndaloweza mbali za fitinesi zonse 11 koma akandipatsa kankhani kuti ndisankhe ndimasokoneza, makamaka mphamvu ndi pawa. Sizofanana kodi? Ndithandizeni chonde, ndalama ya fizi ndavutikira."

Achemwali, mtima m'malo. Zoti mwaloweza kale zonse 11 ndiye kuti theka la ntchito mwathana nalo, chatsala ndi kupeza chingwe chomangira mitolo iwiriyo. Ine ndaphunzitsa ana pa bwalo kwa zaka zambiri, kumudzi komanso kuno ku Joni, ndipo ndathandizapo aphunzitsi ophunzira ntchito ochuluka ndithu, vuto lake limakhala lomweli: anthu amaloweza mayina ngati nyimbo ya ku kwaya koma sanauzidwe chifukwa chomwe china chili mtolo uwu china mtolo uwo.

Chingwe chake ndi funso limodzi basi. Mukatenga chinthu chilichonse pa mndandandawo, dzifunseni kuti, munthu chikamuchepera chimenechi, akathera kuchipatala kapena angoluza gemu? Ngati mapeto ake ndi matenda, kutopa msanga pa ntchito za tsiku ndi tsiku, msana kupweteka, shuga, kuthamanga kwa magazi, chimenecho ndi cha thanzi. Ngati mapeto ake ndi kumwetsedwa chigoli, kuphonya mpira, kupitiriridwa ndi mnzake pa mpikisano, koma n'kubwerera kunyumba ali bwinobwino kukadya nsima, chimenecho ndi cha luso.

Tiyese. Munthu amene mtima ndi mapapo ake sizipirira, akangokwera masitepe a pa Park Station ali wefuwefu, ameneyo ali pa chiopsezo chenicheni cha matenda a mtima, kaya amasewera mpira kaya sanaugundepo chibadwire. Koma munthu amene sangathe kuzemba difenda mokhotakhota, dokotala sangamupatse mankhwala pa chifukwa chimenecho. Amalume anga kumudzi sangathamange mamita 30 mwa liwiro ngakhale mutawalonjeza mbuzi, koma amapalasa njinga ndi matumba a makala kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa pamutu. Thanzi lilipo lambiri, liwiro palibe, ndipo sakudwala.

Za thanzi ndi zisanu: kupirira kwa mtima ndi mapapo (anyamata a mpira amangoti sitamina), mphamvu za minofu, kupirira kwa minofu, kufewa kwa thupi popinda ndi potambasula, ndi kapangidwe ka thupi, kutanthauza kuti pa kulemera kwanu konse mafuta ndi ochuluka bwanji poyerekeza ndi minofu, mafupa ndi madzi. Za luso ndi zisanu ndi chimodzi: liwiro, pawa, kukhota msanga komwe amati ajilite, balansi, kugwirizana kwa maso ndi manja kapena miyendo komwe amati kodineshoni, ndi changu choyankhira chinthu chikachitika. Kagawidwe kameneka mabuku ambiri anakatenga mu nkhani imene Caspersen, Powell ndi Christenson analemba mu 1985, pomwe ankafuna kulongosola kusiyana kwa kugwiritsa ntchito thupi, masewera olimbitsa thupi ndi fitinesi. Iwowa anali anthu a zaumoyo wa anthu onse, sanali makochi ayi, n'chifukwa chake mpeni wawo unadula potengera matenda. Mukakumbukira zimenezo mzerewo umamveka wokha. Ndipo kutchula dzina ndi chakacho mu yankho lalitali sikuipa, ochonga amaona kuti munthuyu wawerenga.

Tsopano pa mphamvu ndi pawa pomwe mwati pakukuvutani, tikhalepo pang'ono chifukwa apa ndi pomwe malikisi amatayikira kwambiri. Vuto lina ndi chilankhulo chathu chomwechi, ife zonse timangoti mphamvu. Munthu wanyamula thumba la simenti, ali ndi mphamvu. Wamenya mpira wolimba goloboyi osauona, ali ndi mphamvu. Koma pa mayeso ndi zinthu ziwiri.

Mphamvu za minofu ndi kukula kwa chimene mungakankhe, kukoka kapena kunyamula kamodzi, nthawi osaiwerengera. Mnyamata wa pa kontilakiti akanyamula thumba la simenti la makilogalamu 50 kuchoka pansi kufika pa phewa, kaya atenga sekondi imodzi kaya masekondi 5, wanyamula basi, mphamvu zilipo. Pawa ndi mphamvu zomwezo koma zitatulutsidwa mwachangu, ngati kuphulika. Mu pawa muli wotchi. Mabuku amalemba kuti pawa ndi mphamvu kuchulukitsa ndi liwiro, kapena ntchito kugawa ndi nthawi.

Ndikupatseni chitsanzo chomwe ndimachita ndi ophunzira anga pa masitepe. Atsikana awiri, aliyense wolemera makilogalamu 60, akukwera masitepe okwera mamita 3 kupita m'mwamba. Ntchito yomwe aliyense wagwira ndi yofanana: 60 × 9.8 × 3 = 1764, ndiye kuti majulu 1764. Woyamba wakwera m'masekondi 4, wachiwiri m'masekondi 8. Woyamba 1764 ÷ 4 = 441, wachiwiri 1764 ÷ 8 = 220.5, amenewo ndi mawati. Onse afika pamwamba, onse ali ndi mphamvu zokwanira kunyamula thupi lawo, koma woyamba watulutsa pawa wowirikiza kawiri. Kusiyana kwake ndi nthawi yokha basi. Mwina samu imeneyi sangakufunseni, koma mukaimvetsa simudzasokonezanso.

Ndiye chifukwa chake mphamvu zili ku thanzi pomwe pawa ali ku luso ndi ichi. Agogo amafunika mphamvu kuti adzuke pa mkeka, anyamule chidebe, akwere minibasi. Zikatha, moyo wawo wa tsiku ndi tsiku wagwa, ayamba kudalira anthu. Koma kulumpha m'mwamba kukalanda mpira pansi pa golo ngati mmene amachitira Mwawi Kumwenda, kapena kumenya mpira wa patali ngati chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu Januwale 2022, zimenezo zimafunika pa bwalo. Pa pepala la mayeso muzisaka mawu osonyeza kuphulika: kulumpha, kuponya, kumenya, kunyamuka pa mzere woyambira. Mukawaona, yankho ndi pawa. Mukaona kunyamula cholemera kamodzi, kukankha galimoto yozima, kufinya chida choyezera mphamvu za dzanja, yankho ndi mphamvu za minofu.

Pali msampha wina wapafupi ndi umenewu, wa kupirira kuwiri kuja. Zonse zili mtolo umodzi wa thanzi ndiye simungalakwitse mtolo, koma mungalakwitse dzina, ndipo malikisi amapita chimodzimodzi. Kupirira kwa minofu ndi pamene kagulu kamodzi ka minofu kakubwereza ntchito mpaka kuwotcha, monga posinja chimanga, mikono ndi mapewa zimayamba kulira inu mpweya ukadalipo. Kupirira kwa mtima ndi mapapo ndi pamene thupi lonse likuyenda kwa nthawi yaitali ndipo chomwe chikukuletsani ndi mpweya, monga anthu othamanga Comrades pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Dzifunseni kuti chayamba kutha ndi chiyani, mkono kapena mpweya? Mapushapu ndi masitiapu owerenga kuti mwapanga angati pa mphindi imodzi amayeza kupirira kwa minofu, osati mphamvu, ngakhale ana ambiri (ndi aphunzitsi ena, tisabisane) amalemba kuti mphamvu.

Za luso zija njira yosavuta yozigwirira ndi kukumbukira masewera omwe tinkasewera tili ana, musavutike ndi zitsanzo za tenisi za m'buku zomwe simunazionepo. Fulaye muli pafupifupi zonse. Mtsikana ali pakati, mpira ukubwera, kuti auone n'kuyamba kusuntha ndi changu choyankhira. Kuti akhotere kumanzere kenako kumanja osagwa ndi ajilite. Akalumpha mpira wodutsa m'munsi ndi pawa, akatera ndi mwendo umodzi n'kukhazikika ndi balansi. Phada ndi kodineshoni yeniyeni, mwala uli m'mwamba, diso lili pa mwalawo, dzanja likukokolola ina pansi n'kubwerera kudzawakha. Liwiro ndi lija la pa mzere wowongoka, kuchoka apa kufika apo msanga.

Liwiro ndi ajilite musazisakanize. Liwiro mulibe kukhota. Mwana akhoza kukhala woyamba pa mamita 100 koma mukamuika pakati pa makoni amawagunda onse chifukwa satha kubuleka ndi kutembenuka. Ndipo liwiro ndi changu choyankhira ndi zosiyananso: changu choyankhira chimayambira pomwe wezulo yalira kufika pomwe thupi layamba kusuntha, liwiro limayambira pamenepo kupita kutsogolo. Alipo othamanga omwe amachedwa kunyamuka koma n'kudzawapitirira anzawo pakati pa njira.

Chinthu chachiwiri chosiyanitsa mitolo iwiriyi, chimene ochonga amakonda kuchiona mu yankho la malikisi ambiri, ndi kakulidwe kake. Za thanzi pafupifupi aliyense akhoza kuzikweza bwino ndithu akamachita mokhazikika, ndipo zomwe wapezazo zimamuthandiza paliponse. Mtima ukalimba chifukwa choyenda ndawala, ndi mtima womwewo umene udzagwire ntchito posambira kapena polima. Za luso zimadalira kwambiri chibadwa, makamaka liwiro ndi changu choyankhira, komanso zimamatirira ku masewera omwe mwaphunzirawo. Goloboyi wodziwa kuwakha mpira sikuti basi adziwanso kumenya ng'oma kapena kusoka pa makina. Koma chenjerani, musakalembe kuti za luso munthu amangobadwa nazo sizisintha, limenelo ndi bodza ndipo adzakudulani. Zimasintha ndi kuyeserera, kungoti denga lake limasiyana munthu ndi munthu. Komanso zonse ziwiri zimabwerera m'mbuyo mukasiya, sitamina ndiye imathawa msanga, masabata ochepa okha a holide ana amabwera ali befu.

Chachitatu ndi kayezedwe. Apa sindikupatsani mndandanda wonse, uli m'buku mwanu, koma onani kachitidwe kake. Zoyezera za thanzi zimafunsa kuti mpaka liti, kangati, kolemera bwanji, patali bwanji popinda. Kuthamanga kwa mphindi 12 komwe Kenneth Cooper anakonza mu 1968 kumaona mtunda womwe mwatha. Bipu tesiti ndi kuthamanga uku ndi uku pakati pa mizere iwiri yotalikirana mamita 20 motsatira kulira kwa belu lomwe limanka lifulumira. Kukhala pansi miyendo yowongoka n'kutambasula manja kutsogolo kumayeza kufewa kwa kumbuyo kwa ntchafu ndi m'chiuno. Zoyezera za luso zambiri zimatha m'masekondi ochepa: kuthamanga mamita 30, kulumpha uli chiimire, kuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, kuponya kampira pa khoma n'kuwakha ndi dzanja lina kwa masekondi 30, kugwira lula yomwe mnzako waigwetsa pakati pa zala zako. Ya lula ija ndimaikonda chifukwa siifuna ndalama, ngakhale sukulu ya pansi pa mtengo ikhoza kuchita. Mwana akaigwira itatsika masentimita 20 ndiye kuti watenga pafupifupi masekondi 0.2.

Bipu tesiti ija ndi msampha wodziwika. Popeza muli kuthamanga ndi kutembenuka, ophunzira ambiri amalemba kuti ikuyeza liwiro kapena ajilite. Ayi, ikuyeza kupirira kwa mtima ndi mapapo, chifukwa chomwe chimamutulutsa mwana ndi mpweya kutha. Ndipo poti tili ku Joni ndinene ichi: mzinda uno uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka. Mwana amene wangofika kumene kuchokera ku Nsanje kapena ku Nkhotakota akhoza kuchita moipa pa zoyezera za kupirira m'masabata oyambirira, osati chifukwa ndi waulesi koma thupi silinazolowere. Pa mamita 30 kapena pa lula simudzaona kusiyana kotero. Ngakhale zimenezi zikukuonetsani kuti mitolo iwiriyi imadalira zinthu zosiyana m'thupi, wina mtima, mapapo ndi magazi, wina kwambiri ubongo, mitsempha ndi kufulumira kwa minofu.

Kapangidwe ka thupi kamadabwitsa anthu kuti kakutani pa mndandanda, poti si chinthu chomwe munthu amachita. Zoona, n'chokhacho chomwe mungayeze munthu atangoima. Chili ku thanzi chifukwa mafuta ochuluka, makamaka a pamimba, amayenda limodzi ndi shuga ndi matenda a mtima. Nthawi zambiri amagwiritsa BMI, kulemera m'makilogalamu kugawa ndi msinkhu m'mamita wochulukitsidwa ndi iwo wokha. Bambo wa makilogalamu 90 wotalika mamita 1.75, samu yake ndi 90 ÷ (1.75 × 1.75) = 29.4, ndipo kwa akuluakulu kuyambira 25 amati wanenepa kupitirira, kuyambira 30 wanenepa kwambiri. Koma BMI siidziwa kusiyanitsa mnofu ndi mafuta, wosewera ragibi wa minofu yokhayokha ikhoza kumuika gulu limodzi ndi munthu wa mimba ya mowa. Kwa ana manambala a 25 ndi 30 sagwira ntchito, pali matchati ake otengera zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Akakufunsani zofooka za njirayi, mfundo ziwirizo ndi zomwe akufuna.

Tsopano tiyeni tipange limodzi kankhani ka mtundu womwe mwati umakugwetsani. Ndikapeka ndekha koma kafanana ndi zomwe zimabwera. Mnyamata wa Giredi 8 ndi woyamba m'kalasi pa mamita 30, amalumpha patali kuposa anzake onse, pa makoni palibe womugwira. Koma pa bipu tesiti amatuluka m'gulu loyambirira, ndipo akakhala pansi zala zake sizifika kumapazi. Funso: fotokozani fitinesi ya mwanayu, ndipo mungamuthandize bwanji ngati mphunzitsi wake?

Musathamangire kulemba kuti mwanayu ndi fiti kapena si fiti, funsolo lakonzedwa dala kuti onse awiri akhale olakwa. Yambani ndi kumasulira mitolo iwiriyo, chiganizo chimodzi uliwonse. Fitinesi ya thanzi ndi mbali zija za thupi zomwe zimathandiza munthu kugwira ntchito za tsiku ndi tsiku osatopa msanga ndi kuchepetsa chiopsezo cha matenda obwera chifukwa chongokhala. Fitinesi ya luso ndi mbali zomwe zimathandiza munthu kuchita bwino pa masewera ndi ntchito zofuna ukatswiri wa kayendetsedwe ka thupi. Kenako tengani umboni umodziumodzi n'kuupatsa dzina ndi mtolo wake. Mamita 30 ndi liwiro, luso. Kulumpha ndi pawa, luso. Makoni ndi ajilite, luso. Bipu tesiti ndi kupirira kwa mtima ndi mapapo, thanzi. Kulephera kufika kumapazi ndi kufewa kwa thupi, thanzi. Mukatero chigamulo chimatuluka chokha: mwanayu ali pamwamba pa za luso koma ali pansi pa mbali ziwiri za thanzi, ndipo za mbali zina zitatu za thanzi nkhaniyo sinatiuze kanthu ndiye sitinganene. Kachiganizo komalizako kalembeni, kamasonyeza kuti simukungolota.

Pa gawo la chithandizo ndi pomwe ambiri amalemba zachisawawa, "azichita masewera olimbitsa thupi pafupipafupi", zomwe sizipatsa malikisi. Nenani kangati, molimba bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi masewera anji. Mwachitsanzo kuthamanga pang'onopang'ono kapena mpira wa anthu ochepa pa bwalo laling'ono katatu pa sabata, kuyamba ndi mphindi 10 mpaka 15 n'kumawonjezera pang'onopang'ono kufika 20 kapena 30, pa mlingo woti akupuma mwamphamvu koma akhoza kuyankhula mawu angapo. Pa kufewa, kutambasula minofu ya kumbuyo kwa ntchafu thupi litatenthedwa kale, kugwira masekondi 15 mpaka 30 osadumphadumpha. Ndiye mudzamuyezenso pakatha masabata 6 kapena 8 ndi zoyezera zomwezo. Mukhoza kuwonjezera kuti bungwe la WHO mu malangizo ake a 2020 limati ana a zaka 5 mpaka 17 azipeza pa avereji mphindi zosachepera 60 pa tsiku zogwiritsa ntchito thupi mwamphamvu ndithu. Apa pali mfundo yabwino kwa inu ngati mphunzitsi wa kuno: mu CAPS, silabasi ya sukulu za ku South Africa, kuyambira Giredi 7 kupita m'mwamba, gawo lolimbitsa thupi limapatsidwa ola limodzi lokha pa sabata. Ola limodzi silingamange sitamina ya mwana, ndiye yankho lanu lionetse kuti mudzamuphunzitsa zoti azikachita yekha kunyumba, kuyenda wapansi, kulumpha chingwe, kusewera ndi anzake madzulo.

Ine ndinaphunzira mochedwa kufunika kwa kusiyanitsa kumeneku. Chaka changa choyamba pa sukulu ina kuno ndinkapereka malikisi potengera mipikisano yokha, wothamanga kwambiri ndiye wapamwamba. Panali mtsikana wina wojintcha, wodekha, nthawi zonse womaliza pa liwiro, mpaka anayamba kubwera ndi makalata oti akudwala tsiku la bwalo lililonse. Tsiku lina tinapanga zothamanga kwa mphindi 12, akatswiri anga a liwiro aja anayamba ngati mphepo, pofika mphindi ya 5 ena ali chigonere pa kapinga, iye akungopita pang'onopang'ono osaima mpaka wezulo. Ndinachita manyazi. Ndinkayeza mtolo umodzi n'kumauza ana kuti ndi fitinesi yonse. Akakufunsani chifukwa chake mphunzitsi ayenera kudziwa kusiyanaku, yankho ndi limenelo: m'kalasi la ana 40 kapena 50 ochepa okha ndi omwe adzasewere mu timu, koma onse ali ndi mtima womwe adzakhale nawo mpaka ukalamba, ndipo pa za thanzi mwana umamuyerekeza ndi iye mwini wa mwezi watha osati ndi mnzake.

Koma musapitirire mpaka kunyoza za luso, funso lina limabwera mozembera chonchi, lakuti kodi mitolo iwiriyi ndi yosiyana kotheratu? Yankho ndi ayi, imalowana. Mwana amene satha kuwakha, kuponya kapena kulumpha amachita manyazi, anzake samusankha, amasiya kusewera, akasiya kusewera sitamina imatsika ndipo thupi limakwera. N'chifukwa chake m'makalasi a ana aang'ono timalimbikira kwambiri balansi ndi kodineshoni, ndi khomo lolowera ku zinazo. Mbali inayi, pawa sangakhalepo popanda mphamvu za minofu, ndipo wosewera akatopa m'mphindi zomaliza ajilite ndi changu chake zimagwa.

Balansi ndiye imaima pa malire penipeni. Tikaigwiritsa funso lathu lija, kwa mtsikana wa netibo ikachepa angolakwitsa mapazi, wezulo ilira, mpira upita kwa adani. Koma kwa agogo a zaka 75 ikachepa agwa m'bafa n'kuthyoka chiuno, imeneyo ndi nkhani ya chipatala. N'chifukwa chake WHO imalangiza anthu a zaka 65 kupita m'mwamba kuti azichita zolimbitsa balansi ndi mphamvu masiku atatu kapena kuposa pa sabata. Ndiye mulembe chiyani? Akakufunsani kuti balansi ili mtolo uti, lembani luso, musachite makani ndi ochonga. Akakupatsani funso lokambirana la malikisi ambiri, pamenepo ndi pomwe mutulutse agogowo, n'kunena kuti ngakhale imawerengedwa ku luso, kwa okalamba imakhudza thanzi mwachindunji.

Chinthu china chomwe ndikupempheni muchite sabata ino: tsegulani gaidi ya kosi yanu muwerenge mndandanda wawo, muone ngati ndi 5 ndi 6 monga ndafotokozera. Mabuku sagwirizana onse, alipo ena omwe amasuntha liwiro kapena pawa kuika mtolo wina, ena amaphatikiza mphamvu ndi kupirira kwa minofu kukhala chinthu chimodzi. Ochonga adzatsatira buku la kosi yanu, osati ine, osatinso zomwe mwapeza pa intaneti. Mukapeza kuti gaidi ndi manotsi a alekichala zikutsutsana, alembereni imelo msanga muwafunse kuti pa mayeso atsatira ziti, ndipo yankho lawolo mulisunge. Pezaninso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo muone mawu oyambira funso, chifukwa funso loti tchulani limangofuna mayina, loti fotokozani limafuna tanthauzo ndi chitsanzo, pomwe loti siyanitsani limafuna kuti mfundo iliyonse ikhale ndi mbali ziwiri m'chiganizo chimodzi, uku chakuti pomwe uku chakuti. Mukalemba ndime ya thanzi payokha ndi ndime ya luso payokha osazikhudzanitsa, mwafotokoza koma simunasiyanitse.

Ndipo mukadzapita ku tichingi pulakitisi n'kupatsidwa kalasi pa bwalo, zoyezera za kupirira zija musaziyambe musanafunse za umoyo wa ana. Bipu tesiti imamufikitsa mwana pa mapeto a mpweya wake. Wa mphumu akhale ndi pampu yake pafupi, amene wadwala chimfine cha malungo m'thupi sabata imeneyo apume, ndipo musawathamangitse masana dzuwa lili pa liwombo mu Januwale opanda madzi. Mwana akadandaula kupweteka pachifuwa, chizungulire, mtima kugunda modumphadumpha, kapena akakomoka pothamanga, muimitseni pomwepo, dziwitsani akuluakulu a sukulu ndi makolo, ndipo asabwerere pa bwalo mpaka ataonedwa ku kiliniki. Za sikelo ndi BMI muziyeza mwana payekha, osati pamaso pa kalasi, manambala ake ndi a iye ndi makolo ake.

Usiku uno musanagone tengani pepala mulembe ntchito khumi zomwe mwaona lero, wokankha ngolo ya zinyalala mumsewu, kondakitala wothamangira takisi, mayi wosenza katundu pamutu pa Bree, ndiye pa iliyonse mulembe mbali ya fitinesi yomwe ikugwira ntchito kwambiri ndi mtolo wake. Mayi wosenzayo akuvutani pang'ono chifukwa muli balansi komanso kupirira kwa minofu ya khosi ndi msana, lembani zonse ziwiri ndi chifukwa chake. Zikakukanikani zina nditumizireni tidzaonere limodzi.